Masewera oloweza ndime pa tchuthi: asapambane odziwa kuwerenga okha

Sukulu zikatsekera tchuthi chachikulu, ntchito yosonkhanitsa ana pa tchalitchi nthawi zambiri imagwera inu amayi a bungwe. Ana amabwera ambiri ndithu, ndipo tsiku lomaliza pamakhala mpikisano wonena ndime za m'Baibulo pamtima. Koma mukaonetsetsa mudzapeza kuti oimirira kutsogolo amakhala ana atatu kapena anayi omwewo, a Sitandade 6 kapena 7, amene amawerenga bwino kale. Enawo amangogwedeza milomo m'chigulu, nkubwerera kwawo opanda ndime ngakhale imodzi m'mutu. Zimenezi zimachokera pa kakonzedwe ka masewerawo, ndipo mungathe kuzisintha popanda kuwononga ndalama.

Tiyerekeze kuti mwalemba ana 40 a zaka 5 mpaka 12, ndipo muli nawo masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Agaweni m'magulu anayi a ana 10, gulu lililonse likhale ndi aakulu ndi aang'ono, anyamata ndi atsikana. Mufunika amayi asanu ndi mmodzi: anayi oyang'anira magulu, awiri osamalira phala ndi madzi. Magulu onse azikhala pabwalo limodzi poonekera, kuti pasapezeke wamkulu ali yekha ndi mwana kuseri. Phala liziperekedwa cha m'ma 9 koloko, ana atasamba m'manja ndi sopo pa madzi othira. Mukalisiya kumapeto, mwana amene wachoka kwawo osadya amakhala akuyang'ana kumoto m'malo momvera inu.

Nkhani imodzi ikukwanira sabata yonse

Musakonze ndime yatsopano tsiku lililonse. Ndime zisanu pa masiku asanu zimasokonezana, ndipo pofika Lamulungu mwana amakhala atagwira mutu wa ina ndi mchira wa ina. Tengani nkhani imodzi ndi ndime imodzi yochokera m'nkhani yomweyo.

Nkhani yoyenera nyengo imeneyi ndi ya pa Yohane 6:1-15, pamene Yesu adadyetsa khamu la anthu. Alembi onse anayi a Mthenga Wabwino adailemba, koma Yohane yekha ndiye amatchula mnyamata amene anali ndi chakudyacho, choncho ana amadziona okha m'nkhanimo. Ndiponso m'Chaka B cha mawerengo a Misa, monga 2024 ndi 2027, mutu 6 wa Yohane umawerengedwa kuyambira Lamulungu la 17 mpaka la 21 pa chaka, kumapeto kwa Julaye ndi m'mwezi wa Ogasiti. Ndime yoloweza ikhale Yohane 6:35.

Musanayambe, gwirizanani Baibulo loti mugwiritse ntchito. M'nyumba za ana anu mungapezeke Buku Loyera la 1998, Malembo Oyera la 1966, kapena Buku Lopatulika la 1922 lomwe achibale a mipingo ina amawerenga. Mawu ake safanana: pamene lina latchula mkate, lina limatchula chakudya. Mayi wa gulu ili akaphunzitsa za m'buku lina, wa gulu lija za m'buku linanso, Lachisanu mudzakangana za amene walakwa pomwe palibe walakwa. Koperani ndimeyo kuchokera m'buku limodzi pa mapepala anayi, mayi aliyense atenge lake.

Ndimeyi imagawika yokha patatu. Gawo loyamba Yesu akudzitchula chimene iye ali, lachiwiri akulonjeza za njala kwa wodza kwa iye, lachitatu akulonjeza za ludzu kwa womukhulupirira. Lolemba phunzitsani gawo loyamba pamodzi ndi dzina la buku, mutu ndi ndime. Lachiwiri onjezani lachiwiri, Lachitatu lachitatu, ndipo Lachinayi lumikizani zonse. M'mawa uliwonse yambani ndi za dzulo. Mphindi 10 zobwereza tsiku ndi tsiku zimakhazikika m'mutu kuposa ola lathunthu la tsiku limodzi. Ana a zaka 5 ndi 6 akagwira gawo loyamba lokha, amaliza ntchito yawo.

Masewera atatu

Oyamba ndi oyankhizana. Inu mumanena gawolo, ana nkubwereza, kenaka mumawafunsa kuti asankhe okha chizindikiro cha manja pa mawu aakulu: kugwira pamimba potchula njala, kugwira pakhosi potchula ludzu. Bwerezani mokweza, monong'ona, atsikana okha, anyamata okha. Pomaliza inu khalani chete, muzingoonetsa zizindikiro. Ambiri timadziwa masewera olemba ndime pa bolodi nkumafufuta liwu limodzilimodzi. Ndi abwino, koma amathandiza odziwa kuwerenga okha, ndiye muwasungire aakulu pamene aang'ono akumwa phala.

Achiwiri ndi a mpira wachikulunga. Ana 10 aime mozungulira. Woponya amanena gawo loyamba, wowakha amanena lotsatira, mpaka wachinayi amene amatchula mutu ndi ndime. Mwana azinena gawo lathunthu, chifukwa mukamadula liwu limodzilimodzi tanthauzo limatayika. Lamulo lalikulu ndi lakuti wolephera asatuluke. Masewera otulutsa wolakwa amachotsa msanga mwana amene akufunika kubwereza kwambiri, nkusiya wodziwa kale akubwereza yekha. Mwana akakakamira, mnzake wa kudzanja lamanja amunong'oneze, iye anene mokweza, mpira upitirire.

Achitatu ndi phada. Jambulani pansi zipinda zinayi, zitatu za magawo a ndime, chachinayi cha mutu ndi ndime. Mwana amadumpha ndi mwendo umodzi, ndipo sachoka m'chipinda asananene gawo lake. Apa ndi pamene mayi wa gulu amamva mwana aliyense payekha popanda kumuimika kutsogolo ngati ali pa mayeso. Mwana amene sangathe kudumpha aziponya kamwala m'chipinda chilichonse nkumanena gawolo ali chikhalire.

Mungadziwe bwanji kuti yalowa?

Phokoso la gulu limanyenga, pakuti ana atatu a mawu aakulu amatha kunyamula anzawo onse. Yesani motere. M'mawa, gulu lisanayambe kunena pamodzi, itanani ana awiri amene sakonda kuyankhula, anene ndimeyo ali awiri. Kenaka yambani inu gawo lachiwiri, muone ngati angapitirize kuchokera pakati. Mwana amene amabwerera poyambirira nthawi zonse waloweza kamvekedwe chabe. Pomaliza funsani kuti, "Akunena mawu amenewa ndani? Akulonjeza chiyani?" Mukapeza kuti pa ana 10 oposa atatu akulephera gawo la dzulo, musaonjeze latsopano tsiku limenelo.

Konzekeraninso funso limene ndimeyi imadzutsa. Mwana wochokera pakhomo pamene chakudya chikuperewera angafunse kuti, "Amayi, nanga bwanji ife timagona ndi njala chikhalirecho timapemphera?" Musamukalipire, ndipo musamulonjeze kuti akaloweza ndime nkhokwe idzadzaza. Muuzeni kuti Yesu adaona njala ya m'mimba nayamba wadyetsa anthu, ndipo pambuyo pake, pa ndime 26 ndi 27, adawaphunzitsa za chakudya china chimene sichiwonongeka. Kwa amene akukonzekera kulandira Ukaristia koyamba, apa ndi polumikizira phunziro lawo. Mukatha, dziwitsani atsogoleri a mphakati za pakhomo pa mwanayo mwakachetechete.

Mafunso a Lachisanu

Mafunso onse achokere m'nkhani imene mwakhala mukufotokoza sabata yonse, ndipo lililonse likhale ndi yankho limodzi lopezeka pa ndime yodziwika. Nawa asanu ndi atatu, awiri pa gulu lililonse:

1. Yesu adafunsa wophunzira uti za kumene angagule chakudya? Filipo (ndime 5).
2. Ndani adauza Yesu za mnyamata uja? Andrea (ndime 8 ndi 9).
3. Andrea anali mbale wake wa yani? Simoni Petulo (ndime 8).
4. Mnyamatayo anali ndi chiyani? Mikate 5 ndi nsomba 2 (ndime 9).
5. Pamalo pamene anthu adakhala panali chiyani? Udzu wambiri (ndime 10).
6. Yesu adachita chiyani asanagawe mikate? Adathokoza Mulungu (ndime 11).
7. Zotsala zidadzaza madengu angati? 12 (ndime 13).
8. Anthu atakhuta adafuna kumuchita chiyani Yesu? Kumulonga ufumu (ndime 15).

Mwana akanena buledi m'malo mwa mkate, kapena mitanga m'malo mwa madengu, wakhoza. Chenjerani ndi funso lakuti, "Adadya anthu angati?" Yohane amawerenga amuna ngati 5,000, ndipo Mateyo 14:21 amaonjeza kuti akazi ndi ana sadawerengedwe. Mukafuna kulifunsa, funsani za amuna.

Kuti asayankhe aakulu okha, mwana aliyense m'gulu apatsidwe nambala kuyambira 1 mpaka 10, ndipo manambala omwewo muwalembe m'zitsekerero za mabotolo nkuziika m'kathumba. Werengani funso kawiri, gulu linong'onezane kwa theka la mphindi, ndipo pokhapo tolani chitsekerero. Mukatola 3, ayankhe mwana wa nambala 3, kaya ndi wa zaka 6. Poti sakudziwa amene atoledwe, aakulu amakakamizika kuphunzitsa aang'ono yankho. Gulu likalephera, funsolo lipite ku gulu lotsatira.

Yankho lokhoza lipatse gulu timiyala tiwiri m'mbale yake. Pambuyo pake ana onse adutse pa phada, ndipo aliyense wonena ndime aonjezere kamwala kamodzi; wamng'ono wonena gawo loyamba lokha alandirenso kamwala kathunthu. Motere mafunso angapatse gulu timiyala 4 pa mafunso ake awiri, pomwe ndime ingalipatse 10. Gulu lodalira mwana mmodzi wanzeru silingapose gulu limene onse aloweza.

Tsekani ndi funso lopanda timiyala, lochokera pa ndime 12: chifukwa chiyani Yesu adalamula kuti atole zotsala? Alekeni ana anene maganizo awo, afike mpaka pa nsima yotsala ndi chimanga chotayika pakhomo pawo.

Mphatso ikhale yofanana kwa onse, monga pensulo imodziimodzi yokayambira sukulu. Gulu lopambana mulipemphere kwa bambo mfumu kapena akatekisiti kuti lidzanene ndimeyo pa tchalitchi Lamulungu, nthawi ya zolengeza. Mwana aliyense apite ndi kapepala kolembapo Yohane 6:35, ndipo mayi wa gulu asunge maina a ana ake 10. Pakatha masabata awiri, pa msonkhano wa mphakati kapena pa Tilitonse, afunseninso ndimeyo mmodzimmodzi. Chiwerengero cha amene akuikumbukirabe tsiku limenelo ndicho mulembe m'lipoti lanu la bungwe, ndipo chidzakuuzani ngati tchuthi chotsatira mungaonjeze ndime yachiwiri.