Nambala 7 pa Bayoloje yamutsekera khomo la ntchito ya boma

Chikalata cholengeza ntchito za boma chikangomatidwa pa bolodi ya ku maofesi a boma la Mulanje, kapena chithunzi chake chikayamba kuzungulira m'mafoni, oyamba kudyerera amakhala eni mashopu a fotokope. Pa Chitakale, pa Limbuli ngakhalenso pa Nkando, m'sabata yoteroyo makina sapuma. Achinyamata amabwera ndi maenivelopu a khaki kukhwapa, ena achokera kutali ngati ku Muloza, aliyense akufuna kulemberedwa CV "yokongola". Chiyambireni makhonsolo kulengeza okha ntchito zina za m'maboma, mizere imeneyi yasanduka chinthu chozolowereka.

Koma amene anagwirapo ntchito yosefa makalata otere amanena mosabisa kuti kukongola kwa CV sikuonedwa n'komwe. Wosefa amakhala ndi pepala la mizere, ndipo mzere uliwonse ndi chimodzi mwa zoyenereza zimene zinalembedwa m'chikalata cholengeza ntchito. Ali ndi MSCE? Achonga. Ali ndi kirediti pa phunziro lakuti? Achonga. Makope a satifiketi ndi odindidwa? Achonga. Pakangopezeka mzere umodzi wosachongeka, enivelopu imapita pa mulu wina, ndipo mwini wake sadzamva chilichonse, poti zikalatazi zimaneneratu kuti oyitanidwa ndi okhawo amene asankhidwa kukaonekera ku intavyu.

M'shopu ina ya pa Chitakale ndinakumana ndi mayi wa zaka za m'ma 30, wa ana awiri, amene anabwera pa kabaza atavala chitenje chochapa bwino ndi nsapato zamaliposa zofiira ndi dothi la m'minda ya tiyi. Mapepala ake anali m'jumbo ya shuga, jumboyo ili m'jumbo inzake, poopa mvula ya kuno yomwe sichenjeza. Kwa zaka 6 mayiyu wakhala akuthandiza mongodzipereka pa sikelo ya ana ya m'dera la kwawo. Amakoleka ana pa sikelo, amalemba m'mabuku a kuchipatala, amayeza mkono wa mwana ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, ndipo akaona kuti kafika pofiira amadziwa chochita popanda womuuza. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba m'mwezi wa Malichi 2023, iye anali m'gulu la amene ankayenda m'misasa kuthira mankhwala m'zidebe za madzi akumwa. Tsopano ankafuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, ya giredi M, yomwe ndi ntchito imene wakhala akuiona ndi kuigwirako masiku onse.

Mnyamata wa pa kompyuta anali wodziwa ntchito yake. Anayamba wachotsa zonse zimene mayiyu anakopera kwa mnzake wofunsira ntchito ku kampani: mawu odzitamanda a pamwamba, chithunzi, ndi mndandanda wa zomwe amakonda kuchita akapuma. M'malo mwake analemba dzina monga mmene lilili pa satifiketi, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi, mfumu yaikulu, boma, keyala ndi nambala ya foni. Pa maphunziro sanangolemba kuti MSCE basi. Anaika sukulu, chaka, ndi phunziro lililonse pamodzi ndi giredi yake, kuti wosefa asavutike kufufuza. Pa ntchito analemba mwezi ndi chaka choyambira, ndi zimene mayiyu amachita pa sikelo, chimodzichimodzi. Kumapeto kunabwera mayina a anthu atatu omuchitira umboni. Pamutu pa kalata yoperekeza anaikapo dzina la ntchito, giredi yake ndi nambala ya chilengezo, chifukwa tsiku limodzi pamalengezedwa ntchito zingapo ndipo kalata yopanda nambala imatha kugwera pa mulu wolakwika. Zonse zinakwana masamba awiri.

Panali kachinthu kamodzi kamene kanawachedwetsa. Pa satifiketi mayiyu ali ndi dzina la malume ake amene anamulera ndi kumulembetsa sukulu, pomwe pa chiphaso cha unzika, chomwe anajambulitsa mu 2017, pali dzina la bambo ake. Kuno kumene ana ambiri amakulira kuchikazi, zoterezi n'zosadabwitsa. Mankhwala ake ndi kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo imamangiriridwa pamodzi ndi makope odindidwa. Vuto limenelo linali lotheka.

Losatheka linaonekera mnyamatayo atafika pa magiredi. Anayang'ana satifiketi, n'kuyang'ana chilengezo chimene chinali pa foni, n'kuyang'ananso satifiketi.

"Achemwali, apa akufuna kirediti pa Chingerezi ndi pa Bayoloje. Inu Bayoloje muli ndi 7."

"Koma ndinakhoza, achimwene. Si ndi iyi satifiketi?"

Anakhozadi. Magiredi ake ndi awa: Chichewa 3, Zaulimi 4, Baibulo 4, Jogalafe 5, Chingerezi 6, Bayoloje 7, Masamu 8. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndi kulephera. Mukawonkhetsa maphunziro 6 amene anakhoza bwino, mayiyu ali ndi mapointi 29. Wina amene anapeza 5 pa maphunziro awiri ndi 6 pa anayi otsalawo ali ndi mapointi 34, kutanthauza kuti pa mayeso onse anatsalira kumbuyo kwa mayiyu. Komabe ngati mmodzi mwa ma 6 akewo ndi wa Bayoloje ndipo wina ndi wa Chingerezi, iye adutsa pa sefa, mayiyu atsala. Zaka 6 za pa sikelo zilibe mzere wake pa pepala la wosefa.

Apa ndi pamene anthu a ku Mulanje amene ndinacheza nawo akusiyana maganizo, ndipo mkangano wake ndi wotentha kuposa nkhani ina iliyonse yokhudza kulemba anthu ntchito.

Bambo wina wopuma pa ntchito, amene kwa zaka zambiri anali mu ofesi yoona za antchito a boma, akuti lamulo lisakhudzidwe. Maganizo ake ndi akuti malo akakhala ochepa ofunsira n'kukhala mazanamazana, chinthu chokhacho chimene mwana wa munthu wosauka angatsamire ndi nambala ya pa satifiketi, chifukwa nambalayo sidziwa kuti bambo ake ndani. Mukangolola kuti wosefa aziganizira yekha kuti uyu 7 wake ndi wabwino poti anathandizapo ku chipatala, mawa kalata yochitira umboni za kudzipereka idzakhala ndi mwana wa aliyense wodziwika, ngakhale amene sanakolekepo mwana pa sikelo. Kalata yotere aliyense wokhala ndi chidindo angathe kuilemba. Giredi ya mayeso imachokera ku Zomba ndipo itha kutsimikizidwa. Bamboyu anakumbutsanso kuti magiredi a ntchito za boma anamangidwa pa mapepala kuyambira pansi: kawirikawiri wa MSCE amalowera pa M, wa dipuloma pa K, wa digiri pa I. Mukamasula njerwa imodzi pansi, akutero, ena a pamwamba adzafunsa chifukwa chake iwo akuumirizidwa.

Namwino wina amene wagwira ntchito ndi anthu odzipereka otere akuona mosiyana. Iye akuti waonapo achinyamata olembedwa ndi makirediti awo akufika kumudzi kumene atumizidwa, n'kuphunzitsidwa ntchito ndi munthu yemwe uja anakanidwa. Ena mwa iwo sakhalitsa. Dera likakhala la kuseri kwa phiri, kopanda magetsi, kumene mtsinje ukadzaza sikuolokeka, amayamba kupempha kusamutsidwa chaka chisanathe. Wodzipereka uja ndi wa komweko, amalankhula ndi agogo m'Chilhomwe, ndipo sapita kulikonse. Funso la namwinoyu ndi lakuti, kusiyana kwa 6 ndi 7 pa mayeso amene munthu analemba ali mtsikana kukuuza chiyani za mmene adzagwirire ntchito lero, makamaka poti olembedwawo amakaphunzitsidwabe ntchitoyo asanayambe?

Ine ndikuona kuti bambo uja akunena zoona pa chinthu chimodzi chachikulu: chifundo cha pa tebulo la wosefa n'choopsa, chifukwa sichifikira onse mofanana. Koma zimenezi sizitanthauza kuti zaka za mayiyu zilibe mtengo. Malo oyenera kuzilemekeza ndi m'chilengezo momwemo, pamene zoyenereza zikulembedwa. Ngati chilengezo chitanena poyera kuti pasi pa Bayoloje ndi yololedwa kwa amene wadzipereka zaka zakutizakuti, ndipo umboni wake ukhale kaundula wa ku chipatala osati kalata ya munthu mmodzi, wosefa adzakhala ndi mzere wochonga ndipo sadzafunika kukomera aliyense mtima. Koma mzere umenewo munalibe m'chilengezo chimene mayiyu anagwira, ndipo palibe kalembedwe ka CV kamene kakanaubweretsa.

Mnyamata wa pa kompyuta anakana zinthu ziwiri zimene anthu ena pa mzere ankamulangiza mayiyu. Choyamba chinali kungolemba MSCE osatchula magiredi. Sizithandiza, chifukwa wosefa amatsegula kope ya satifiketi. Chachiwiri chinali kukonza 7 kuti aoneke ngati nambala ina pa fotokope. Ku intavyu amafuna satifiketi yeniyeni m'manja, ndipo ngakhale munthu atadutsa n'kufika posayina mafomu a PSR 19 ndi GP 1 olowera pa ntchito ndi pa malipiro, pepala lachinyengo likadzadziwika ntchito imatha ndipo nkhani imapita ku polisi.

Njira yoongoka imene yatsala ndi kulembanso Bayoloje. Munthu amaloledwa kulembetsa mayeso ngati wapadera n'kukonza phunziro limodzi, koma ayenera kuwerenga bwino chilengezo chilichonse, poti zina zimanena kuti makirediti akhale opezeka pa mayeso osapitirira awiri. Mayiyu analemba kamodzi kokha, ndiye mpata ulipo. Anatenga CV yake, analipira, ndipo ananena kuti kalatayo akaiperekabe, kuti mwina dzina lake lidzaoneke.

Mphunzitsi wina wa sekondale ya masana m'bomali anandiuza kuti m'kalasi mwake masiku ano simusowa anthu akuluakulu obwerera phunziro limodzi lokha, kawirikawiri Bayoloje kapena Masamu. Ena amafika atatopa kuchokera kothyola tiyi, ena ndi mwana kumbuyo, ndipo belu la phunziro lawo likangolira amanyamuka osadikira lotsatira. Nyengo yokolola tiyi wambiri, ya mvula, ndi imene amajomba kwambiri, ndipo ndi nyengo yomweyo imene silabasi imathamanga.