Kuchotsa mzere woyera pa chithunzi chonoledwa mopyola muyeso

Wojambula akanola chithunzi pa kompyuta mopyola muyeso pofuna kuti chioneke bwino, m'mphepete mwa zinthu mumatuluka mzere woyera, makamaka pamene denga lakuda lakumana ndi thambo. Chida cha Unsharp Mask chimangowalitsa mbali yowala ya malirewo ndi kudetsa mbali yakuda. Radius ikakwezedwa kufika pa 3, mzerewo umakula mpaka kuonekera patali.

Ngati chithunzi choyambirira chilipo, bwererani kwa icho, muchikuze kufika pa 100% ndipo munolenso Radius ili pansi pa 1.

Ntchito imakula ngati chatsala n'chowonongekacho. Mu Photoshop, sankhani Clone Stamp, muike Mode pa Darken. Gwirani Alt n'kudina pa thambo pafupi ndi mzerewo, kenaka pakani motsatira denga. Darken imasintha malo okhawo owala kuposa mtundu umene mwatenga, choncho mzere umazimirira koma denga silikhudzidwa. Tengani mtundu watsopano pafupipafupi, chifukwa thambo silifanana ponseponse. Mukapanda kutero, mumasiya mkwasa wakuda. Njirayi sithandiza ngati nyumbayo ndi yowala kuposa thambo, popeza nayonso idzadetsedwa.