Mimba ya Febuluwale, mwana wa Novembala: ntchito ya bambo ili pati?

Pa tsiku la sikelo, kaya ndi pa chipatala cha mishoni cha Madisi kaya ku Mponela, abambo sasowa. Ambiri amatsitsa mayi panjinga pageti, n'kukakhala pamthunzi kudikira. Amene amalowa m'chipinda cha anamwino ndi ochepa, ndipo ena amalowa chifukwa anamva kuti obwera awiriawiri amathandizidwa msanga. Koma zimene zimakambidwa m'chipindamo zimafuna ndalama, njinga ndi manja ogwira ntchito, ndipo m'mabanja ambiri a kuno zonsezi zili kwa bambo.

Tiyerekeze banja la alimi a fodya kumudzi wina kum'mawa kwa Madisi, cha kumapiri olowera ku Ntchisi. Mayi anasamba komaliza kuyambira pa 10 Febuluwale. Anamwino amawonjeza masiku asanu ndi awiri ndi miyezi isanu ndi inayi, ndiye tsiku loyembekezera kuchira likugwa cha pa 17 Novembala. Tsikuli limalembedwa m'buku la kuchipatala la mayi, ndipo bambo amene waliona akhoza kukonza chaka chake chonse.

Sikelo yoyamba iyenera kuchitika mimba isanapitirire masabata 12, kutanthauza kumayambiriro kwa Meyi. Apa ndi pamene pali vuto loyamba. Mayi ambiri sanena msanga kuti aima. Amaopa kuti anthu oipa mtima angawamangire mimba, ndipo wa mimba yoyamba amadikira kuti akuluakulu amulange kaye. Manthawa si oseka. Bambo wanzeru salimbana nawo, koma amauza mkazi wake kuti: "Mayi, m'mudzi muno sitiuza munthu, koma kwa anamwino tipite tonse mawa." Chinsinsi chasungika, sikelo yayambika.

Tsiku loyambalo ndi limene bambo sayenera kuphonya, chifukwa magazi amayezedwa a onse awiri. Chindoko chimatha kukhala m'thupi popanda chizindikiro, koma chimapha mwana m'mimba kapena kumubadwitsa wodwala. Jakisoni amachiza, koma mayi akabayidwa yekha, bambo osalandira mankhwala, matendawo amabwereranso m'nyumba momwemo. Za HIV nazo n'chimodzimodzi. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo m'Malawi muno amayamba ma ARV nthawi yomweyo, kwa moyo wake wonse. Taganizani mayi amene wamva zotsatirazo ali yekha, akubwerera ndi botolo la mankhwala m'chikwama, njira yonse akulingalira kuti akafotokoza bwanji. Ena amabisa botololo, ena amasiya kumwa. Awiri akamvera limodzi pamaso pa mlangizi, katunduyo sagwera mmodzi, ndipo amauzidwa kuti zimachitika ndithu wina kupezeka nako wina ayi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Kwa mayi wathuyu ulendo wachiwiri ukugwa kumapeto kwa Juni, pa masabata 20, ndipo kuyambira pa masabata 34 maulendo amathinana, sabata ziwiri zilizonse. Bambo sangapite nawo ulendo uliwonse, ndipo palibe chifukwa chomuimbira mlandu. Chimene angachite n'kutsegula bukulo madzulo n'kufunsa: BP inali bwanji, Fansida munamwa, tsiku lina ndi liti? Fansida woteteza ku malungo amayamba mimba ikadutsa miyezi itatu ndipo amafunika katatu kapena kuposa, motalikirana mwezi. Mapiritsi owonjezera magazi amachititsa mseru ena ndi kudetsa chimbudzi, n'chifukwa chake ambiri amathera pawindo. Kumwa pogona kapena pambuyo pa chakudya kumachepetsa mseruwo. Neti ya ku sikelo ndi yogonamo usiku uliwonse, osati yotchingira mbewu kudimba.

Ndalama ndiye zimafuna kuwerengera kalendala. Za fodya, soya ndi mtedza zimabwera pakati pa Epulo ndi Ogasiti, koma mwana akubwera mu Novembala, nthawi imene kakobiri kalikonse kakupita ku feteleza ndi mbewu. Choncho zitenje, beseni, pepala lapulasitiki ndi zina zimene anamwino atchule zigulidwe ndalama zikadali m'manja, ndipo ya njinga yamoto ikhale payokha, yosakhudzidwa. Chipatala cha Madisi ndi cha Katolika, pansi pa CHAM, ndiye bambo afunsiretu kuti ndi chithandizo chiti cha amayi chimene chili chaulere ndi chiti cholipira, komanso kuti zikavuta amatumiza kuti.

Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yowawa. Dzuwa laswa mtengo, zitsime zaphwa, pamjigo pali mzere, nazale ya fodya ikufuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, mizere ikudikira khasu. Mayi wa miyezi isanu ndi itatu ali ndi msana wopweteka ndiponso mpweya wochepa, koma ndi iye amene akusenza ndowa ya malita 20, yolemera makilogalamu 20, kangapo pa tsiku. Kuyenda ndi ntchito zopepuka n'zabwino kwa woyembekezera. Zofunika kumulanda ndi madzi, nkhuni, kusinja ndi kuthirira nazale. Bambo akamanga zigubu ziwiri panjinga, madzi a tsiku lonse abwera ulendo umodzi. Anzake pabawo adzanena kuti anadya khuzumule. Mawu amenewo sanagonekepo munthu m'chipatala, pamene kuchepa magazi ndi kutopa kwa mayi kumatero. Ndipo mazira, nyemba, usipa ndi masamba zizifika m'mbale ya mayi, osati zotsala za bambo.

Pali mantha ena amene mayi sanena masana. Amaopa mpeni, amaopa kufera pobereka ngati mnzake wina amene anamudziwa, ndipo ena amaopa kuti matenda akatalika adzafunsidwa kuti aulule amuna amene anayenda nawo, kapena adzanena kuti mwamuna ndiye anayendayenda. Mwana amachedwa kutuluka chifukwa wagona mopingasa, mutu wakula kuposa njira, kapena chiberekero sichikukoka bwino. Bambo amene anamva zimenezi kwa anamwino akhoza kuuza apongozi mwaulemu kuti: "Amayi, zokambiranazo tidzakamba, koma panopa tinyamuke." Ndi iyenso amene angakane mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, amene amatha kukoketsa chiberekero mwamphamvu mpaka kung'ambika. Mayi akayamba kunena za mantha ake usiku, yankho loti "musadandaule" limatseka nkhani. Kumufunsa chimene chikumuopsa kwenikweni, n'kukachifunsira limodzi ku sikelo yotsatira, kumathandiza kuposa.

Zizindikiro zina sizidikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu pamodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, madzi kutuluka nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kugunda. Mutu ndi kutupa nthawi zambiri zimasonyeza kuti BP yakwera, ndipo ikafika pa 140/90 anamwino amayamba kuda nkhawa. Pa zokayikitsa zing'onozing'ono pali Chipatala cha pa Foni, koma pa zizindikiro izi foni ndi yoitanira wanjinga yamoto basi.

Kwa banja lathuli sabata ya 36 ikukwana cha pa 20 Okutobala. Ngati mudzi uli kutali, kapena mayi anachitidwapo opareshoni, anamwino adzanena tsiku lopita kuchidikiro mvula isanadule madambo. Mayi ambiri amazengereza chifukwa cha ana ndi munda. Bambo akonzeretu womudikirira, ufa, nkhuni ndi ndiwo zokadya kumeneko, ndipo anene momveka amene aziphikira ana ndi amene adzabzale chimanga mvula yoyamba ikagwa mayi ali kuchipatala.