Chaka patsogolo: kutchula mafoda a zithunzi za banja

Maliro akagwa, nthawi yofufuza zinthu imasowa. Amene akusindikiza pulogalamu amafuna chithunzi cha agogo madzulo omwewo, ndipo banja lonse limayang'ana kwa ife a ku koleji, poti ndife tili ndi laputopu. Tikudziwa kuti chithunzicho chilipo. Tinawajambula pa msonkhano wa misasa, atavala yunifolomu yawo ya Dorika. Koma tikatsegula laputopuyo tipeza mafoda otchedwa New folder, New folder (2) ndi "zithunzi zakale", ndipo m'kati mwake muli mafayilo zikwizikwi a mayina ngati IMG_4821. Pamapeto pake pa pulogalamu pamaikidwa chithunzi chosaoneka bwino chimene wina wajambula pa chiphaso.

Vutoli limayambira pa dzina. Kompyuta ikamasanja mafoda potsata mayina, imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo siidziwa kuti Epulo amabwera pambuyo pa Malichi. Tikalemba miyezi m'mawu, Disembala akhala pamwamba, kenako Epulo, Febuluwale, Januwale, monga mwa afabeti. Tikalemba deti mmene tinaphunzirira ku pulayimale, tsiku poyamba, zimasokonekeranso: ukwati wa pa 03-10-2021 ukhala pamwamba, ubatizo wa pa 15-04-2023 pakati, ndipo misasa ya pa 27-08-2022 pansi, chifukwa kompyuta yaona 03, 15 ndi 27 basi. Zaka zalowana kale ngakhale mafoda ndi atatu okha.

Mankhwala ake ndi kutembenuza detilo: chaka, mwezi, tsiku, kenako chochitika.

```
2021-10-03_ukwati-wa-achimwene
2022-08-27_misasa-sabata
2023-04-15_ubatizo-wa-Chikondi
```

Tsopano dongosolo la mayina ndi dongosolo la nthawi zagwirizana, ndipo zikhala choncho pa laputopu, pa foni ndi pa fulashi. Kalembedwe aka si kathu. Ndi muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 8601, umene unatuluka mu 1988. Kali ndi ubwino wina kwa ife amene tili ndi abale kunja. Msuweni wa ku America akaona 03-10-2021 amawerenga kuti 10 Malichi, pomwe 2021-10-03 aliyense amamva chimodzimodzi.

Chaka chikhale cha manambala anayi, ndipo mwezi ndi tsiku zikhale za manambala awiri nthawi zonse. Epulo ndi 04, osati 4. Ziroyo ikasowa, mapulogalamu ena amaika mwezi wa 10 patsogolo pa mwezi wa 4, poti 1 amayamba 4 asanafike. Pakati pa manambala tiike kamzere kogona. Kamzere kopendeka kamene timakonda m'makope Windows imakakana m'dzina la fayilo, pamodzi ndi zizindikiro izi:

```
\ / : * ? " < > |
```

Mbali yachiwiri ya dzina, ya chochitika, ndiyo imafuna kuganizira pang'ono. Tidzifunse kuti pakadzapita zaka khumi, ndi mawu ati amene tidzalembe m'kabokosi kofufuzira. Palibe adzakumbukire kuti misasa ija inali pa 27 Ogasiti, koma mawu oti "misasa" adzabwera okha. Choncho mawu akhale amene banja limagwiritsa ntchito polankhula, ndipo asamasinthesinthe. Ngati chaka chino talemba "misasa", chaka chamawa tisalembe m'Chingerezi, chifukwa pofufuza tidzangopeza theka. Dzina ngati "tsiku labwino" kapena "ife" silithandiza munthu. Dzina la munthu ndi la malo ndiye amathandiza kwambiri: banja limene labatiza ana asanu lidzathokoza kuti foda iliyonse ikunena mwini ubatizo.

Pamene ambiri timagwa ndi pa funso loti deti lake liti. Liyenera kukhala la tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, osati limene chinatifika. Kamera ndi foni zimasunga tsiku ndi ola m'kati mwa chithunzi chenichenicho, ndipo pa Windows timaliona tikasankha Details n'kuwonjezera gawo lotchedwa Date taken. Limeneli ndilo lodalirika kuposa ena. Date created imasintha tikakopera fayilo kupita ku fulashi, ndipo Date modified imasintha tikangodula kapena kukonza chithunzi.

WhatsApp ndiye imatipusitsa zedi. Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, imachichepetsa n'kufufuta deti la m'kati lija, ndipo pa foni ya Android imachipatsa dzina lotere:

```
IMG-20230502-WA0007.jpg
```

Dzinali likuoneka la dongosolo, koma 20230502 ndi tsiku limene chithunzicho chinalowa m'foni yathu. Tinene kuti Chikondi anabatizidwa pa Sabata la pa 15 Epulo 2023, ndipo azakhali, atapeza bandulo, anatumiza zithunzi zawo pa 2 Meyi. Tikakhulupirira dzina la fayilo, zithunzi za ubatizo umodzi zigawika m'miyezi iwiri. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: dzina lili ndi WA, ndipo pa Date taken palibe kanthu. Zithunzi zotere tiziike mu foda ya 2023-04-15 ndi dzanja, tikadali kukumbukira. Kalendala imathandizanso: 2 Meyi 2023 linali Lachiwiri, pomwe aliyense m'chithunzimo wavala za ku tchalitchi. Ngati chithunzi n'chofunika, tipemphe azakhaliwo achitumizenso ngati Document, pakuti chikatero chimafika chathunthu ndi deti lake.

Nayonso kamera imanama wotchi yake ikalakwika. Kamera imene yakhala nthawi yaitali yopanda batire imabwerera ku deti la ku fakitale, ndiye tikaona zithunzi za chinkhoswe cha chaka chatha zikunena 1 Januwale wa chaka chakalekale, tidziwe kuti wolakwa ndi wotchi.

Kodi tisinthenso dzina la chithunzi chilichonse? Ife tikuti foda ndiyo yoyamba, ndipo kwa ambiri ndi yokwanira. Koma chithunzi chikatuluka mu foda yake chimatsala ndi IMG_4821 yekha, ndipo makamera ambiri akafika pa 9999 amayambiranso kuwerenga, kotero zithunzi ziwiri zosiyana zingakhale ndi dzina limodzi. Kompyuta ikafunsa ngati tikufuna Replace ife n'kuvomera mothamanga, chimodzi chapita. Pa Windows ntchito yake ndi ya mphindi imodzi: tisanje zithunzi potsata Date taken, tisankhe zonse ndi Ctrl+A, tidinde F2, tilembe dzina la foda lija, kenako Enter. Zonse zitenga dzinalo, ndi nambala m'mabulaketi kumapeto. Zochepa zimene tikudziwa kuti zidzafunidwa, monga cha agogo ali okha akuyang'ana kamera, tiziwonjezere mawu oti "agogo" kuti kufufuza kudzazipeze.

Zithunzi zakale za mu alubamu, zimene timazijambulanso ndi foni, zitenge deti la chochitikacho, osati la lero. Ngati amayi akungokumbukira chaka, tilembe 1998-00-00. Ngati akukayika ngakhale chakacho, tiwonjezere mawu oti "mwina". Kulemba tsiku longoganizira ngati lotsimikizika n'koipa kuposa kusiya maziro, chifukwa adzukulu adzalikhulupirira.

Mafoda akachuluka, tiwasonkhanitse m'mafoda a zaka, 2021, 2022, 2023, osapitirira apo. Foda m'kati mwa foda m'kati mwa foda imabisa zinthu. Za mulu wakale uja, tisayese kuumaliza usiku umodzi. Tiyambe ndi zithunzi za mwezi uno, ndipo zakalezo tizitenge chaka chimodzichimodzi pa holide tili kumudzi, pamene pali akuluakulu otiuza kuti mwana ali pamsanayo ndi ndani ndipo unali ukwati wa yani.