Mutu wakale ukasiya kukopa owerenga

Nkhani ya pa intaneti sitaya owerenga tsiku limodzi. Amachepa pang'onopang'ono, mwini wake n'kudzazindikira chaka chitatha. Nthawi zina vuto limangokhala pa zimene munthu amaona akafufuza pa Google: mutu wa nkhaniyo ndi timawu tofotokoza tapansi pake.

Koma musanakhudze mutu, yambani mwayeza matenda. Google Search Console, yomwe ndi yaulere, imasunga ziwerengero za miyezi 16. Pa gawo la Performance pali Impressions, kusonyeza kuti nkhani yaonekera kangati kwa ofufuza, ndi Clicks, kusonyeza kuti yatsegulidwa kangati.

Tiyerekeze kuti munalemba za kasungidwe ka chimanga, mutu wake n'kukhala "Malangizo kwa alimi 2021". Chaka chatha mu Meyi inaonekera maulendo 5,000 n'kutsegulidwa maulendo 250. Chaka chino yaonekeranso maulendo 5,000, pamalo omwewo pamndandanda, koma yatsegulidwa maulendo 100 okha. Anthu akuiona ndithu, koma akuilambalala. Apa mutu ndiwo woyamba kuukayikira. Zikanakhala kuti nkhaniyo yatsikira patsamba lachiwiri, tikanati ena alemba zoposa zanu, ndipo mutu watsopano pawokha sungaibweze. Onetsetsaninso kuti mukuyerekeza Meyi ndi Meyi mnzake, chifukwa za kusunga chimanga anthu amazifuna nthawi yokolola, osati mu Januwale.

Kenaka tsegulani Queries muone mawu amene anthu amalemba pofufuza. Mwina mupeza kuti akufunsa za anankafumbwe ndi matumba a PICS, mawu amene mulibe m'mutu wanu. Chaka cha 2021 nachonso chikuwauza kuti nkhaniyo inagona kale. Mutu wabwino ungakhale "Kusunga chimanga osafumbwa: matumba a PICS kapena mankhwala?" Mawu ofunika akhale koyambirira, poti mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60 umadulidwa kumapeto.

Timawu tofotokoza tija sitikweza nkhani pamndandanda, ntchito yake ndi kukopa munthu kuti atsegule. Zilembo pafupifupi 155 n'zokwanira kunena zimene apezemo, monga kuumitsa chimanga ndi kumanga thumba kuti mpweya usalowe. Musadabwe Google ikaika mawu ena otengedwa m'nkhani momwemo. Imatero kawirikawiri, ngakhale pa mitu.

Chinyengo chofala ndi kungofufuta chaka chakale n'kulembapo chatsopano, m'kati muli mitengo yakalekale. Wowerenga amabwerera pomwepo, ndipo sindingamudzudzule. Mukalonjeza za matumba a PICS pamutu, nkhaniyo izifotokozedi.

Adiresi ya nkhani musaisinthe, kuopa kudula maulalo onse olozera kwa iyo. Mukamaliza, ikani adiresiyo pa URL Inspection n'kudina Request indexing kuti Google idzaionenso. Lembani tsiku limene mwasintha, sungani mutu wakale penapake, ndipo dikirani mwezi wathunthu musanaweruze. Owerenga akapitirira kuchepa pomwe nkhani ikuonekerabe monga kale, bwezerani mutu wakale uja muyese mawu ena a mu Queries.