Kafunso kakumapeto m'Chingerezi: mawu akwere kapena atsike?

Mngerezi akanena kuti “You are tired, aren't you?”, amamaliza ndi kafunso kofanana ndi “eti?” wathu. Koma “eti?” sasintha, pomwe kafunso ka Chingerezi kamatsatira mneni wa m'chiganizo.

Ngati muli mneni wothandiza, monga are, have kapena can, mubwerezeni, kenaka ikani mlowam'malo. Chiganizo chovomera chimatenga kafunso kokana, chokana chimatenga kovomera: “She can't swim, can she?” Povuta m'pamene mneni wamkulu ali yekha. Apa mumabwereka do, does kapena did molingana ndi nthawi: “John went home, didn't he?” Ambiri amangoika “isn't it?” paliponse, ndipo pamayeso amataya malikisi.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti katchulidwe kamasiyidwa kumbuyo, chonsecho tanthauzo lagona pamenepo. Mukakweza mawu pa “didn't he?”, mukufunsadi, simukudziwa ngati John wapita. Mukawatsitsa, mukudziwa kale, mukungofuna mnzanuyo avomereze. Choncho musanatsegule pakamwa, dzifunseni ngati yankho mukulidziwa.