Luso la ku Joni likafika pa simenti ya kwathu

Kalekale amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankabwera ndi njinga, wailesi, masuti ndi makina osokera. Ulendo umenewu unayamba waima m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo unadzatheratu m'chaka cha 1988. Lero anthu amapita okha pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ambiri amakagwira maganyu a zomangamanga, ndipo pobwera amakhala ndi katundu wina amene salowa m'chikwama, luso la m'manja. Limodzi mwa maluso amene afala chonchi ndi kuika matailosi.

Koma luso limene munthu waphunzira pa ntchito ya kunja limakhala litazolowera zinthu za kumeneko. Likafika kuno limakumana ndi pansi pena, magetsi ena ndi makasitomala ena. Mmisiri amene sazindikira zimenezi amataya mbiri yake pa nyumba yoyamba yomwe.

Tiyerekeze mnyamata amene wagwira ntchito zaka zingapo kwa kontirakitala ku Cape Town, ndipo tsopano wapeza ntchito yake yoyamba ku Lunzu: chipinda chochezera cha mamita 4 mulitali ndi mamita 3 mulifupi. Kujoni kuja, iye ankafika pa nyumba pansi atakonza kale anthu ena, posalaza ndi levulo, pokhakhala bwino, pongodikira guluu. Folomani ndiye ankawerengera katundu, galimoto n'kudzatula. Ku Lunzu zonsezi ndi zake.

Choyamba ndi masamu. Chipindacho ndi masikweya mita 12. Pamenepo amawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa cha zodula m'mphepete ndi zosweka, zimene zikupereka masikweya mita 13.2. Tailosi ya masentimita 60 mbali zonse imaphimba sikweya mita 0.36, choncho pakufunika matailosi 37. Ngati katoni imakhala ndi matailosi anayi, ndiye kuti agule makatoni khumi. Otsalawo si otayika ayi. Matailosi ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo mwathu ndi ochokera kunja, ndipo mtundu umene ulipo lero mwina mwezi wa mawa sudzapezekanso. Ngakhale makatoni a mtundu umodzi amatha kusiyana maonekedwe pang'ono ngati sanawotchedwe nthawi imodzi ku fakitale, n'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayang'ana nambala zolembedwa pa katoni iliyonse asanalipire. Guluu wa matailosi, thumba la makilogalamu 20 limafika masikweya mita anayi kapena asanu ngati pansi pali posalala, ndiye matumba atatu angakwane. Pansi pakakhala mabampu, guluu amalowa wambiri ndipo bajeti imasokonekera.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, ndi pansi penipenipo. Nyumba zambiri za kwathu pansi pake anapatsirira simenti yamadzi n'kupasalaza mpaka kuterera, kenako amayi akhala akupaka polishi zaka ndi zaka. Guluu sagwira pa polishi. Mnyamata wathu akangothira guluu pamenepo monga ankachitira ku Cape Town, matailosi adzaoneka bwino tsiku lolandira ndalama, koma pakatha miyezi ingapo adzayamba kugwedera. Chofunika ndi kuchotsa polishi yense, kusema pansi paliponse ndi tchizulo kapena girayinda kuti pakhale pokhakhala, kusesa fumbi, kenako n'kuyamba ntchito. Ngati pansi pali pokhotakhota kwambiri, amathirapo simenti ndi mchenga zatsopano, n'kudikira pafupifupi milungu inayi kuti ziume. Simenti ikamauma imakokana, ndipo matailosi oikidwa msanga amang'aluka kapena kutukumuka pakati pa chipinda.

Mwininyumba nthawi zambiri safuna kumva za milungu inayi. Amafuna kulowa m'nyumba mwezi ukatha kuti asiye kulipira lendi. Ena amanenanso kuti guluu ndi wodula, bwanji osangogwiritsa simenti monga amachitira amisiri ena. Yankho lake lili pa mtundu wa tailosi. Tailosi yadothi wamba, yofiirira kunsi kwake, imamwa madzi ndipo simenti imatha kuigwira ikaviikidwa kaye. Tailosi yolimba imene amaitcha poseleni simwa madzi kwenikweni, motero simenti wamba siigwira. Imafuna guluu wake, wopakidwa ndi chipande cha mano kuti afike kunsi konse. Kuika timilu ta guluu m'makona anayi ndi pakati, pofuna kupulumutsa thumba, kumasiya mphako imene imaswetsa tailosi mwendo wa sofa ukapondapo.

Mwininyumba angathe kuyesa ntchitoyo yekha. Guluu akauma, agogode tailosi iliyonse ndi ndalama yachitsulo. Yogwira bwino imalira mouma, pamene ya mphako imalira ngati ng'oma. Ayang'anenso m'mphepete mwa khoma: payenera kutsala kampata ka mamilimita pafupifupi asanu, kobisika ndi sikating'i, kuti matailosi apeze kofutukukira m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Chachitatu ndi zida. Magetsi a ku South Africa ndi a ku Malawi ndi ofanana mphamvu, mavoti 230, choncho girayinda ya ku Joni imagwira ntchito kuno popanda vuto. Chosiyana ndi pulagi basi. Ya kumeneko ili ndi mano atatu obulungira, pamene soketi zathu zimalandira mano atatu amakona ngati za ku Britain. Ndi bwino kudula pulagiyo n'kuika ya kuno kusiyana ndi kulowetsa mawaya osavala m'soketi. Koma zida zochokera ku America, kumene magetsi ndi mavoti 120, kapena ku Japan kumene ndi mavoti 100, zimapsa zikangolumikizidwa pokhapokha patakhala thiransifoma kapena zitalembedwa kuti zimalandira mphamvu zonse ziwiri. Kuwonjezera apo, nyumba zambiri zimene zikumangidwa sizinalumikizidwe ku magetsi a ESCOM. Girayinda yaikulu ya mawati 2,000 singayende pa kajenereta kakang'ono ka mawati osafika 1,000. N'chifukwa chake chodulira matailosi chamanja, chija cholemba mzere n'kuthyola, chimathandiza kuno kuposa makina akuluakulu. Pogula, munthu asankhe chida chimene timawilo take todulira ndi tizitsulo tina tosinthira timapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe, asungenso malisiti oti adzaonetse a MRA pa chipata.

Chotsalira ndi umboni. Ambiri amene anaphunzirira pa ntchito alibe pepala lililonse, ndipo kampani kapena bungwe likafuna mmisiri limafunsa satifiketi. Bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anapeza luso kunja kwa sukulu n'kuwapatsa satifiketi, ndipo wobwera kumene achita bwino kukafunsa ku ofesi zawo. Asananyamuke ku Joni ajambule ntchito zimene wagwira, apemphenso kalata kwa bwana wake yonena zaka zimene wagwira ndi ntchito imene amadziwa.

Inu amene muli ndi m'bale amene akukonzeka kubwerera, muuzeni kuti miyezi yotsalayo aime pafupi ndi folomani, aphunzire kuyeza chipinda, kuwerengera katundu, kukonza pansi ndi kutchula mtengo pa sikweya mita. Zimenezi kumeneko amamuchitira ena, koma kuno adzazichita yekha.